Fomu yabwezedwa, akuti ndemanga yanga ilibe umboni

"Ndimayang'anira anthu asanu ndi mmodzi mu ofesi ya zachuma, ndipo nyengo younika kagwiridwe ka ntchito yakwana. Pa fomu ya kalaliki wina ndinalemba kuti: 'Ndi wochedwa nthawi zonse, salabadira ntchito, asinthe khalidwe.' A ku ofesi yoona za antchito andibwezera fomuyo, akuti ndemanga yangayo ilibe umboni. Komatu malipoti a mayiyu amachedwadi, sindikuwanamizira ayi. Ndilembe bwanji kuti vuto lisabisike koma chilungamo chioneke?"

Zikomo abwana polemba. Ndiyambe ndi chimene mwina simuchikonda: amene akubwezerani fomuwo achita bwino, ndipo akutetezani inu nomwe. Ndemanga imeneyo ikanafika pamaso pa mwini wake, funso loyamba likanakhala lakuti, "Nthawi zonse zake ziti?" Akanangotulutsa lipoti limodzi limene anapereka pa nthawi yake, ndemanga yonse ikanagwa, ndipo vuto lenileni likanakwiririka mu mkangano.

Taonani zimene mwalemba. "Salabadira ntchito" ndi nkhani ya mumtima mwa munthu, ndipo mumtima mwake simunalowemo. Chimene munaona ndi maso anu ndi lipoti lofika mochedwa. Mwina salabadiradi, mwina amadikira manambala kwa ena, mwina ntchito inamuchulukira. Fomu ikufuna zimene munaona, osati zimene mukuganiza kuti zili m'mutu mwake. Pa chiganizo chilichonse dzifunseni kuti, munthu amene sanakhaleko mu ofesi mwathu angatsimikize bwanji zimenezi? Ngati yankho ndi lakuti angokhulupirira ine, chiganizocho sichinapse.

Ndiye tsekani kaye fomuyo. Tsegulani maimelo, buku lolandirira makalata, kapena paliponse pamene pamaoneka tsiku limene lipoti linafika. Pezaninso pamene munagwirizana za tsiku lomaliza loperekera lipoti, kaya ndi m'kalata yofotokoza ntchito yake kapena m'zolinga zimene munasainirana kumayambiriro kwa chaka. Ngati tsiku limenelo silinalembedwe paliponse ndipo simunamuuzepo, mawu akuti "wachedwa" alibe poima. Wachedwa poyerekeza ndi chiyani?

Popeza simunandipatse madeti, tiyeni tiyerekeze. Tinene kuti lipoti la mwezi limafunika pa 5 mwezi wotsatira, chifukwa akuluakulu amakumana pa 8. Pa malipoti 12 a chaka chonse, mwapeza kuti 7 anafika pa nthawi yake. Asanu anachedwa: mu Malichi linafika pa 7, mu Juni pa 9, mu Seputembala pa 8, mu Okutobala pa 11, mu Novembala pa 10.

Pamenepa "nthawi zonse" uja wasanduka kasanu pa 12. Koma onaninso kuti atatu mwa asanuwo ndi a miyezi yotsatizana ya kumapeto kwa chaka. N'chifukwa chake mtima wanu ukukuuzani kuti amachedwa nthawi zonse. Tonse timakumbukira kwambiri za posachedwa, ndipo miyezi yabwino ya kumayambiriro imafufutika m'mutu. Fomu ndi ya chaka chonse, osati ya masabata amene akukupwetekani panopa.

Musathamangire kulemba. Pa lipoti lililonse lochedwa funsani kuti chinachitika n'chiyani, ndipo mwini wakeyo mumufunse musanalembe, osati mutalemba kale. Tinene kuti akuonetsani maimelo osonyeza kuti a kosungira katundu amayenera kumutumizira manambala awo pa 2, koma mu Seputembala anatumiza pa 6, mu Okutobala pa 9. Ndiye kuti miyezi iwiri imeneyo iye anamaliza lipoti m'masiku awiri chilandirireni manambala, pomwe nthawi zina amakhala ndi masiku atatu. Kumeneko si kuchedwa kwake. Kunena zoona, pamenepo anafulumira. Zotsala pamutu pake ndi zitatu: Malichi, Juni ndi Novembala.

Tsopano ndemanga ikhoza kulembedwa motere:

"Tinagwirizana kuti lipoti la mwezi lizifika pa 5. Pa malipoti 12, asanu ndi awiri anafika pa nthawi yake. Mu Seputembala ndi mu Okutobala anachedwa chifukwa manambala ochokera kosungira katundu anafika mochedwa, ndipo mayiwa anamaliza ntchito m'masiku awiri atawalandira. Mu Malichi, Juni ndi Novembala malipoti anachedwa ndi masiku 2, 4 ndi 5, zonse zofunika zilipo, ndipo sanandidziwitse pasadakhale. Mu Juni ndi Novembala akuluakulu anakumana opanda manambala a ofesi yathu, zomwe zinachititsa kuti nkhani ya ndalama zogulira katundu idikire msonkhano wotsatira. Malipotiwo ndi olondola: limodzi lokha ndi limene linabwezedwa kuti likonzedwe. Miyezi isanu ndi umodzi ikubwerayi, lipoti lizifika pa 5, ndipo ngati pali chotchinga azindiuza pofika pa 3. Ine ndikambirana ndi a kosungira katundu za tsiku lawo."

Yatalika kuposa yanu ija, inde, koma yawerengeninso. Muli chimene munagwirizana, chimene chinachitika ndi masiku ake, chimene chinawonongeka chifukwa cha kuchedwako, ndi chimene chichitike kutsogolo. Mulibe mawu ngakhale amodzi onena kuti mayiyu ndi munthu wotani. Ndipo vuto silinabisike. Ndinganene kuti ndemangayi ndi yolemera kuposa yoyamba, chifukwa palibe pothawira: madeti ndi madeti. Mbali ya zotsatira ndi imene ambiri amaiwala, chonsecho ndi imene imamuonetsa wantchito chifukwa chimene masiku anayi alili nkhani. Kachiganizo komaliza kaja, konena za inu, musakachotse. Ngati gawo lina la vuto lili m'manja mwa bwana, fomu inene choncho.

Kanthu kakang'ono koma kamene kamayambanitsa anthu: sankhani ngati mukuwerenga masiku a pakalendala kapena masiku ogwira ntchito okha, ndipo muwerenge chimodzimodzi kwa onse. Lipoti la pa 5 likagwa Loweruka, lofika Lolemba lachedwa kapena ayi? Zimenezi zimafunika kugwirizana chaka chisanayambe.

Chilungamo sichithera pa fomu imodzi. Ikani mafomu onse asanu ndi limodzi pa tebulo, muwawerenge motsatizana. Kodi pali wina amene anachedwetsanso ntchito katatu koma mwamulembera kuti "ndi wolimbikira"? Katswiri wa zamaganizo Edward Thorndike analemba za zimenezi mu 1920. Ataona mmene akuluakulu a asilikali ankaperekera malikisi kwa anthu awo, anapeza kuti munthu akaoneka wabwino pa chinthu chimodzi, ankamupatsa malikisi apamwamba pafupifupi pa china chilichonse, ngakhale zinthu zosagwirizana. Zimachitikanso mbali inayo. Mukakwiya ndi kuchedwa kwa malipoti, dzanja limangotsitsa malikisi pa kulondola kwa ntchito, pa kugwirizana ndi anzake, pena paliponse. Mukaona fomu imene mizere yonse ili ndi malikisi ofanana, kaya onse apamwamba kaya onse apansi, ikayikireni. Anthu enieni sakhala choncho kawirikawiri. Mzere uliwonse ukhale ndi umboni wakewake. Onaninso mtundu wa mawu: ngati ena mukuwalembera za ntchito yawo, pomwe ena mukuwalembera za mtima wawo, kuti ndi aukali, ndi ofatsa, ndi odzimva, muyeso wanu si umodzi.

Malikisi nawo agwirizane ndi mawu. Ndemanga yonena kuti akuluakulu anakumana kawiri opanda manambala siingakhale pambali pa malikisi akuti "wapitirira zimene timayembekezera". Ndiponso malipoti 11 olondola pa 12 sangakhale pambali pa malikisi otsikitsitsa pa mzere wa kulondola. Amene adzawerenge fomuyo pa nthawi yokweza anthu pantchito, kapena pa mlandu, adzaona kusiyanako msanga.

Mwina mukuti, nanga zinthu zosawerengeka ndi manambala? Si zonse zili ndi deti yolandirira ngati lipoti. Komabe njira ndi yomweyo: chochitika chimodzi, malo ake, zimene munthu anachita, ndi zotsatira zake. M'malo mwa "alibe ulemu", mulembe kuti pa msonkhano wa mu Ogasiti anadula mawu mnzake kawiri akufotokoza za malisiti osowa, mnzakeyo anasiyira panjira, ndipo nkhaniyo inatsala osatha. Koma samalani, chochitika chimodzi si chizolowezi. Ngati chinachitika kamodzi, lembani kuti kamodzi. Za "anthu akuti" zisalowe pa fomu. Ngati wina anadandaula, dandaulolo likhale loti munalifufuza ndipo mwini wake munamumva.

Kuyamika nako kumafuna umboni. "Amagwira ntchito bwino" ndi mawu aulesi mofanana ndi "salabadira", kungoti sapweteka. Samuuza munthu choti apitirize, ndipo samuthandiza pamene dzina lake lili pa mpikisano wokwezedwa. Nenani chimene anachita.

Pali zinthu zina zimene sindingakulangizeni kulemba pa fomu yotereyi: matenda ake, pakati, mavuto a m'banja, kapena masiku a tchuthi chimene munavomereza nokha. Ngati lipoti la Juni linachedwa iye ali pa tchuthi chovomerezeka, funso likubwerera kwa inu, kuti munakonza zoti ndani agwire ntchitoyo. Zotere kambiranani ndi a ofesi yoona za antchito, chifukwa malamulo a ntchito amasiyana dziko ndi dziko.

Funso lina mudziyankhe nokha moona mtima: mu Malichi ndi mu Juni muja, munamuuza? Ngati mayiyu akumva koyamba za vutoli pa fomu ya kumapeto kwa chaka, madeti mulembe ndithu, koma musalembe ngati munthu amene anachenjezedwa n'kukana kumva. Ngati munakambirana, onjezerani tsiku limene munakambiranalo.

Ndipo mukafufuza n'kupeza kuti umboni wa zina mulibe, lembani zochepa zimene mungatsimikize, zinazo zisiyeni. Osapeka madeti. Chaka chamawa sungani tsamba limodzi la munthu aliyense, ndipo pakachitika chinthu, chabwino kapena choipa, lembani mizere iwiri sabata yomweyo: tsiku, chochitika, zotsatira. Zabwino muzilemba dala, chifukwa zoipa zimadzikumbutsa zokha.

Fomu yokonzedwayo mupatseni mayiyu awerenge tsiku limodzi kapena awiri musanakhale pansi, kuti nayenso abwere ndi mapepala ake. Akakuonetsani kuti lipoti la Malichi anakutumizirani pa 5 koma inu munatsegula imelo pa 7, konzani ndemangayo pomwepo. Ngati simukugwirizanabe pa za Juni ndi Novembala, mafomu ambiri ali ndi malo a ndemanga ya wantchito. Alembe mbali yake pamenepo, kenako nonse musaine.