Zoyera pakhosi pa mwana: ndi mafinya ofunika mankhwala kapena ndi chimfine?

"Anzanga tandithandizeni. Mwana wanga wa zaka 9 akudandaula pakhosi kuyambira dzana, thupi likutentha, nsima akukana. Ndamuwunika ndi tochi ya foni ndapeza zoyerazi, chithunzi ndi icho. Aneba akuti ndingogula amokisilini pagolosale. Nditani?"

Mayi, pepani ndi matendawa. Chithunzi ndachiwona bwinobwino: matonsilo onse awiri atupa, afiira, ndipo pamwamba pake pali timadontho toyera ngati chambiko. Koma chithunzi chokha sichinganene kuti ndi mabakiteriya. Zoyerazo ndi maselo a chitetezo cha mthupi ndi tizikhungu takufa, zimene zimaunjikana pamene thupi likulimbana ndi kachilombo, ndipo mavairasi ena amazibweretsa chimodzimodzi. Ngakhale adokotala atayang'ana ndi maso awo, amafunsanso zina.

Ndiye chitani izi panopa. Mvetserani ngati akutsokomola, onani ngati akutuluka mamina, mawu asasa, kapena maso afiira. Zimenezi zikakhalapo, nthawi zambiri ndi vairasi, gulu la chimfine lomwe lija, ndipo pakhosi pamapola pokha pasanathe sabata. Amokisilini sapha vairasi ngakhale pang'ono.

Bakiteriya amene timamuopa, wotchedwa sitirepu wa gulu A, amabwera mwamtundu wina. Amayamba mwadzidzidzi, mwana m'mawa amasewera, madzulo akulephera kumeza malovu. Thupi limapitirira madigiri 38, chifuwa palibe, mphuno ndi youma. Ikani zala zanu pansi pa chibwano, chakumbali kutsogolo kwa khosi, musindikize pang'ono. Mukamva timibulu ta mwanabere, mwana n'kuzinda ndi ululu, chimenecho ndi chizindikiro china. Ana ena amadandaulanso mutu ndi m'mimba, ena amasanza.

Wanuyu zizindikiro ziwiri ali nazo kale, kutentha thupi ndi zoyerazo, ndipo msinkhu wake ndi umene sitirepu amakonda, zaka 5 mpaka 15. Ngati sakutsokomola ndipo mwanabere akupweteka, zakwana zinayi. Ngakhale pamenepo si kuti zatsimikizika, chifukwa mwa odwala otere pafupifupi theka ndi amene amapezekadi ndi sitirepu. Chotsimikizira ndi kupukuta pakhosi ndi kathonje n'kukayeza, koma zipatala zathu zambiri zilibe zoyezera zimenezi, n'chifukwa chake amaweruza ndi zizindikiro. Ine malangizo anga ndi akuti mupite naye kuchipatala lero kapena mawa m'mawa. Poti thupi likutentha, akamuyezenso malungo.

Chimene chikundichititsa kulimbikira chonchi si pakhosipo, ndi mtima. Sitirepu akapanda kuphedwa bwino, mwa ana ena chitetezo cha mthupi chimasokonezeka patatha masabata awiri kapena atatu, n'kuyamba kulimbana ndi thupi lake lomwe. Mawondo ndi akakolo amatupa mosinthanasinthana, ndipo timavalavu ta mtima timawonongeka. Kuno kwathu ana ambiri akuvutika ndi mtima umene unayamba ndi pakhosi pamene aliyense anapayesa pachabe. Zimandiwawa kwambiri, chifukwa mankhwala ake ndi otchipa: penisilini kapena amokisilini masiku 10 athunthu, pa mlingo woyenderana ndi sikelo ya mwana, apo ayi jakisoni mmodzi wa benzathini penisilini.

Apa ndi pamene makapusozi a pagolosale amatipusitsa. Munthu amagula anayi kapena asanu ndi limodzi, tsiku lachitatu mwana wayamba kudya, basi tasiya. Ululu watha koma bakiteriya akadalipo. Palinso vairasi ina, imene imagwira kwambiri achinyamata, yobweretsa zoyera zokhuthala, kufooka kwa masabata ndi mwanabere mpaka kumbuyo kwa khosi. Wodwala ameneyu mukamupatsa amokisilini, kawirikawiri thupi lonse limatuluka zidzolo.

Zoyera zina si za gulu limeneli n'komwe. Timiyala tonunkha tokhala m'maenje a matonsilo sititenthetsa thupi. Zoyera zofalikira palilime ndi m'masaya, zochoka mukapukuta n'kusiya pofiira, ndi fangasi, ndipo zikagwira mwana wamkulu kapena munthu wamkulu ndi bwino kuyezetsa magazi ndi shuga.

Podikira kupita, mupatseni panado pa mlingo wa msinkhu wake, koma asipirini ayi kwa mwana. Amwe madzi pafupipafupi, phala likhale lamadzimadzi lofunda. Ngati amatha kuchukucha pakhosi osameza, sungunulani theka la kasupuni kakang'ono ka mchere m'kapu ya madzi ofunda. Musakande zoyerazo ndi chala kapena supuni, mungomutulutsa magazi.

Koma mukaona kuti akulephera kuyasamula, dovu likungotuluka, mawu akumveka ngati ali ndi mbatata yotentha mkamwa, mbali imodzi yatupa mpaka kukankha kanyama kolendewera pakati paja, kapena akupuma movutikira, musadikire kuti kuche. Nyamukani usiku womwewo.