Mtengo wotsala umene unanditayitsa mamalikisi

"Ndikukonzekera mayeso a akawunting'i, koma dipirisiyeshoni ikundizunguza mutu. Kodi mtengo umene katundu adzagulitsidwe akadzatha ntchito ndiziuchotsa pa njira zonse ziwiri, ya sitireti laini ndi ya ridyusing'i balansi?"

Kalata yanu yandikumbutsa tsiku limene ndinatuluka m'chipinda cha mayeso ndikumwetulira, osadziwa kuti gawo lachiwiri la funso lina ndinali nditaliphonya pa mzere woyamba. Funsolo linali la dipirisiyeshoni ya chigayo, kutanthauza kutsika kwa mtengo wake m'mabuku chaka ndi chaka, ndipo manambala ake anali ngati awa: chinagulidwa pa K10,000,000, chidzagwira ntchito zaka 4, ndipo pamapeto pake chidzagulitsidwa pa K2,000,000, umene ndi mtengo wotsala.

Gawo la sitireti laini ndinalikhoza. Ndinachotsa K2,000,000 pa K10,000,000, ndipo K8,000,000 yotsalayo ndinaigawa ndi zaka 4, n'kupeza K2,000,000 chaka chilichonse. Gawo lachiwiri linafuna njira ya ridyusing'i balansi pa 30 peresenti, ndipo poti dzanja linali litazolowera, ndinayambanso n'kuchotsa mtengo wotsala uja, n'kulemba K2,400,000 ya chaka choyamba. Mnzanga atandiuza panja kuti iye wapeza K3,000,000, ndinalimbana naye mpaka pokwerera minibasi, koma wolondola anali iyeyo.

Pa njira imeneyi peresenti imawerengedwa pa mtengo umene katundu ali nawo m'mabuku chaka chikamayamba. Chaka choyamba ndi 30 peresenti ya K10,000,000 yonse, imene ndi K3,000,000, ndipo m'mabuku mumatsala K7,000,000. Chaka chachiwiri ndi 30 peresenti ya K7,000,000, imene ndi K2,100,000, kutsala K4,900,000, ndipo chachitatu chimapereka K1,470,000. Mtengo wotsala suchotsedwa chifukwa amene anasankha peresentiyo amakhala atauganizira kale, moti kuuchotsanso n'kuuwerengera kawiri.

Ine ndimaimba mlandu kaphunzitsidwe koloweza mafomula popanda kufotokoza chifukwa chake, ndipo pamenepa sindisintha maganizo. Wolemba mayeso amaika dala mtengo wotsala m'funso limene likufuna njira zonse ziwiri, podziwa kuti woloweza adzaugwiritsa ntchito paliponse pamene wauona. Wophunzira amene anauzidwa kuti njira yachiwiriyi imayenerera katundu ngati galimoto, imene imagwa mtengo kwambiri ikadali yatsopano, sangadabwe kuona nambala yaikulu chaka choyamba, ndipo akaona kuti nambala ya chaka chachiwiri yafanana ndi yoyamba amadziwiratu kuti wabwerera ku mtengo wogulira m'malo mwa wa m'mabuku.

Choncho chotsani mtengo wotsala pa sitireti laini pokha. Yang'ananinso tsiku logulira, chifukwa ngati chigayocho chinagulidwa pa 1 Epulo, mabuku n'kumatsekedwa pa 31 Disembala, ndipo funso lanena kuti muwerengere miyezi, chaka choyamba chimatenga miyezi 9 mwa 12, kutanthauza K1,500,000 pa sitireti laini kapena K2,250,000 pa njira inayo.