Ntchito yoyamba ndi "tumizani ya fomu"

"Achimwene, ndinafunsira ntchito ya ukalaliki yomwe ndinaiona pa WhatsApp. Dzulo andiimbira kuti ndasankhidwa, koma nditumize K15,000 ya fomu pa Airtel Money, ndiwapatsenso nambala ya akaunti yanga ya kubanki. Akuti likadutsa Lachisanu malo apatsa wina. Nditumize?"

Musatumize, achemwali. Kalata yanu yanditosa pachilonda, chifukwa ine anandidyerapo.

Nthawi imeneyo ndinkakhala kwa Chinamwali, satifiketi ya Fomu 4 ili m'chikwama, ntchito osaoneka. Bambo wina wa mawu aulemu anandiimbira kuti bungwe lawo landisankha. Intavyu sindinapite, koma chimwemwe chinandiphimba m'maso. Anati nditumize K10,000 ya fomu. Mayi anagulitsa nyemba zawo kumsika wa Zomba n'kundipatsa ndalamayo ataimanga pansonga ya chitenje. Potumiza, foni inaonetsa dzina la munthu wamkazi, osati la bungwe. Ndinaliona ndithu dzinalo, koma ndinapitiriza.

Mawa lake anafunanso K20,000, ati ya kuchipatala. Ndi mmene amachitira: amayamba ndi yochepa, ukangolipira amadziwa kuti sufuna kutaya yoyambayo, ndiye amawonjeza. Ndinayenda wapansi mpaka m'tauni kukafunsa ku ofesi ya bungwelo. Mlonda anangopukusa mutu n'kundiuza kuti kumeneko sakulemba anthu. Nditaimbanso nambala ija, inali yozimitsa. Kubwerera kunyumba kukawayang'ana mayi kumaso, ndilo tsiku limene sindiliiwala.

Ndipo zimandipsetsa mtima anthu akamati obedwa chonchi ndi opusa. Ayi! Munthu amene watha zaka akuponya makalata osayankhidwa, akamva kuti wasankhidwa saganizanso bwino, ndipo akubawa amadziwa zimenezo. N'chifukwa chake amakuikirani Lachisanu, kuti musapeze mpata wofunsa. Nanunso amene mumangotumiza malonda a ntchito m'magulu a tchalitchi osafufuza, mukuthandiza akubawa.

Za akaunti ija

Wolemba ntchito weniweni amafunadi nambala ya akaunti, koma mutasaina kale kalata ya ntchito, kuti azikulipirirani malipiro. Musanachite n'komwe intavyu akuifuniranji? Kawirikawiri imakhala nyambo. Kenako amaimba kuti, "Tikukulowetsani m'kaundula wa malipiro, tiwerengereni manambala amene abwera pafoni panu." Manambala amenewo ndi OTP, kiyi wotsimikizira kuti ndalama zituluke kapena kuti akaunti yanu itsegulidwe pafoni ina. OTP ndi PIN sizipatsidwa kwa aliyense, ngakhale wogwira ntchito kubanki komweko.

Mawa pitani nokha ku ofesi ya bungwelo, kapena imbani nambala imene mwaipeza panokha, osati ya pauthengapo. Onaninso imelo yawo: bungwe lalikulu lolandirira makalata pa adiresi yothera @gmail.com n'lokayikitsa. Ngati mwawapatsa kale PIN kapena OTP, imbirani banki yanu pompano atseke akauntiyo, ndipo mauthengawo musafufute, mupite nawo kupolisi.