Makosi anayi, ntchito ndi ana awiri, maola ndiwapeza kuti?

"Anzanga, ndimalowa ntchito 7:30 kuweruka 5 koloko, ana ndili nawo awiri. Ndayamba sukulu ya zamalamulo ya Loweruka ndipo ndikufuna nditenge makosi anayi kuti ndimalize msanga. Maola owerenga mumawapeza kuti?"

Achemwali, anayi ayi, chonde ayi. Tengani awiri. Ndikulemba apa mtima ukuwawabe ndi zomwe ndinaona semesita ya malamulo a makontirakiti.

Bwana wanga anali atavomera bwinobwino kuti sabata ya mayeso ndikhala pa tchuthi. Anavomera pakamwa, tili pakhonde la ofesi, akumwetulira, mpaka kunena kuti kampani ikufunika loya wakewake. Mayeso anali Lachisanu m'mawa. Lachitatu madzulo foni inalira, akuti ndibwere mawa, kutha kwa mwezi kwavuta, malipoti sanatuluke. Nditawakumbutsa za lonjezo lija anandifunsa kuti, "Munalemba pati?" Munthu wodziwa kuti ndalipira fizi ndi ngongole ya banki m'khonde! Lachinayi ndinatuluka mu ofesi cha m'ma 8 usiku, kufika kunyumba magetsi azima, wamng'ono thupi moto. Ndinakhala pa benchi kuchipatala mwana ali pamiyendo, tikudikira zotsatira za malungo, dzanja linali likuyendetsa manotsi pa foni yotsala pang'ono kuzima. Mlandu wa Carlill ndi kampani ya Carbolic Smoke Ball ndinaubwereza mpaka zilembo zinayamba kuvina, mutu osagwira kanthu. Tinabwerako atambala akulira, ndinangosamba kumaso n'kukakwera minibasi. Ndinakhoza mokwawa. Bwana uja sanafunseko n'komwe kuti mwana wadzuka bwanji, ndipo mwezi wotsatira anapatsa mphwake masabata awiri okakonzekera chinkhoswe. Zimandipwetekabe.

Nkhani ya maola ili chonchi. Ku yunivesite ya UNISA ya ku South Africa amawerengera kuti kosi imodzi ya semesita imadya maola 120, ndiye mukagawa pa masabata ngati 15 ndi maola 8 pa sabata. Kwathu kuno kulemera kwake sikusiyana kwenikweni. Makosi anayi ndi maola 32 pa sabata, pamwamba pa ntchito, minibasi, kuphika, maliro ndi tchalitchi. Muwachotsa pati?

Omwe amapezekadi ndi awa. Kudzuka 4 koloko m'bandakucha mpaka 5:30 ana asanadzuke, Lolemba mpaka Lachisanu, ndi maola 7 ndi theka. Theka la ola pa nkhomaliro tsiku lililonse, ndi ena awiri ndi theka. Lamulungu masana maola atatu, koma kunja kwa nyumba, chifukwa mukakhala pakhomo mwana agogoda basi ngakhale bambo ake ali pabalaza. Kuphatikiza kalasi ya Loweruka ya maola anayi mwafika 17. Makosi awiri akwana, ola limodzi n'kutsala.

Musawagwiritse ntchito mofanana maola amenewa. M'bandakucha ndi wa milandu, chifukwa chigamulo sichiwerengeka ngati nyuzi. Cha Donoghue ndi Stevenson cha 1932 chokha chikhoza kukudyerani m'mawa uwiri ngati mukufuna kumvetsa kuti oweruza ambiri anati chiyani, otsutsa anati chiyani. Mlandu uliwonse ufupikitseni pa tsamba limodzi: chinachitika n'chiyani, funso la lamulo linali lotani, khoti linagamula bwanji, pa chifukwa chanji. Masamba amenewo ndiwo a pa nkhomaliro, pamodzi ndi magawo a malamulo aakulu a dziko a 1994. Lamulungu ndi la asainimenti ndi mapepala a mayeso akale, wotchi ili patsogolo. Milandu ya kwathu itsitseni pa webusaiti ya MalawiLII netiweki ikakhala bwino, isungeni mu foni. Mukaona kuti masabata awiri motsatizana simunalembe tsamba la mlandu ngakhale limodzi, dziwani kuti mwatsalira kale, musadikire kuti mayeso akuuzeni.

Za tchuthi, lamulo la ntchito la 2000 limapatsa wogwira masiku asanu pa sabata masiku 15 pa chaka. Asungireni mayeso, dzazani fomu ndandanda ya mayeso ikangotuluka, bwana asaine, kope ikhale nanu. Komabe musakangane naye bwanayo ngakhale atakukhumudwitsani bwanji, fizi ikuchokera komweko. Amuna anu ndi achemwali anu auzeniretu masiku a mayeso kuti adziwe wothamanga ndi mwana ndani. Ndipo usiku woti mawa mayeso musachezere, muzigona 9 koloko ikamakwana, ngakhale mutu umodzi utatsala wosawerenga.