PDF imene NVDA imangoyikhalira chete

Funso: “Ndikatsegula mafayilo ena a PDF, pulogalamu yanga yowerenga zolemba za pa sikirini ya NVDA siindiwerengera kanthu, koma anzanga akuti tsamba ndi lodzaza zolemba. Vuto ndi chiyani?”

Nthawi zambiri fayilo yotere imachokera pa makina ojambulira mapepala. Tsamba lililonse ndi chithunzi basi, mkati mwake mulibe chilembo ngakhale chimodzi chimene NVDA ingachigwire.

Kuti mutsimikize, dinani Ctrl+A kenako Ctrl+C, muike mu Notepad ndi Ctrl+V. Pakapanda kutuluka kanthu, kawirikawiri ndi chithunzi. Pakatuluka zizindikiro zosamveka, ndiye kuti zilembo zinasungidwa mosalongosoka. Njira yokonzera ndi yomweyo, kuzizindikiritsa mwatsopano ndi OCR, njira imene kompyuta imazindikirira zilembo pa chithunzi.

Ngati ndi tsamba limodzi, pa Windows 10 kapena 11 dinani NVDA+R kuti NVDA ichite OCR. Imangowerenga zimene zikuoneka pa sikirini, choncho tsamba lonse lizioneka.

Chikalata cha masamba 40 musavutike nacho motero. Pulogalamu ya OCRmyPDF imaika zilembo zenizeni pansi pa chithunzi chilichonse. Mukaiika pa kompyuta, lembani lamulo ili mu Command Prompt:

```
ocrmypdf -l eng --deskew --sidecar mawu.txt yakale.pdf yatsopano.pdf
```

`--deskew` imawongola masamba opendekeka, ndipo `mawu.txt` ndi mawu okhaokha oti muwerenge mu Notepad. Ikakana ponena kuti tsamba lili kale ndi zilembo, onjezani `--force-ocr`.

Chenjerani ndi manambala: pepala likajambulidwa mosaoneka bwino, 0 amasanduka O, 1 amasanduka l. Ngati mungathe, pemphani kuti alijambulenso pa 300 dpi, kapena akupatseni fayilo ya Word imene anayambira. Imeneyo ndiye yabwino koposa.