Malikisi akukwera koma mutu uli pompo

"Ndili ndi pepala la moko la masamu la mafunso 40, ndalilemba kanayi. Koyamba ndinakhoza 21, pano ndikukhoza 38. Koma dzulo nditayesa pepala lina ndapeza 22 basi. Ndikulakwitsa pati?"

Musakhumudwe nane, koma 38 uja ndi wabodza, malikisi anu enieni ndi 21 ndi 22. Funso mukaliona kachitatu simumawerenganso, mutu umangoti "aa ili ndi lija la C" mwachonga basi. Pepala limakuyezani kamodzi kokha, ulendo woyamba uja, enawo mukungoyeza ngati mwaloweza maansala.

Ntchito ili pa mafunso 19 munalakwa aja. Ndipo muwonjezere omwe munakhoza mongolotera, inde amenewonso, ine ndimati polemba moko funso lililonse lomwe mwakayika muziika kadontho pambali, chifukwa mukachonga n'kupeza mwakhoza mumayiwala kuti unali mwayi chabe.

Tengani kope. Pa funso lililonse lembani ansala yomwe munasankha komanso zomwe mumaganiza poisankha. Apa ndi pomwe ambiri timathawa, timangosuzumira ansala yolondola n'kugwedeza mutu kuti "oho" kenako tapita.

Mwachitsanzo, funso likuti nambala yakwera ndi 20 peresenti kenako yatsika ndi 20 peresenti, yathera pati? Inu mwasankha kuti yabwerera pomwe inali. Yesani ndi 100. Ikakwera ikhala 120, potsika mukuchotsa 20 peresenti ya 120 yomwe ndi 24, ndiye mutsala ndi 96. Mukopemo musalembe kuti "ansala ndi 96" ayi, zimenezo sizikuthandizani mayeso akabwera ndi manambala ena, lembani kuti "ndinatenga peresenti yachiwiri pa nambala yoyamba, pomwe imatengedwa pa nambala yatsopano". Kenako dzipangireni funso lanu: 200 ikwere ndi 25 peresenti, itsikenso ndi 25 peresenti. Mukapeza 187.5 osasuzumira paliponse ndiye kuti chalowa.

Mukamaliza onse 19 muona kuti sanalakwike mofanana. Ena topikiyo simukuidziwa, bwererani ku buku. Ena munawerenga mothamanga osaona kamawu koti "kupatula", amenewa buku silingachize, muzidula mzere kunsi kwa chomwe funso likufuna. Ngati olakwika achulukira kumapeto kwa pepala vuto ndi nthawi. Ndipo musadabwe kupeza kuti mafunso asanu kapena asanu ndi limodzi agwera pa vuto limodzi lomweli, ngati la peresenti lija.

Pakatha masiku atatu kapena anayi bwererani ku mafunso olakwika okhawo, mutaphimba ma A, B, C, D, muwerengere nokha kuyambira pachiyambi. Pepala la dzulo lija lichiteni chimodzimodzi. Ngati muli ndi lina lomwe simunalitsegule lisungeni kaye, mudzalilembe mukathana ndi awiriwa, wotchi ili pambali.