Minibasi inafera ku Chikangawa, msonkhano unatha ine kulibe

"Abale ndithandizeni. Dzulo ndimachokera ku Mzimba kupita ku msonkhano wa kuntchito ku Katoto, wa 9 koloko. Minibasi inafera ku Chikangawa, ndinafika 1 koloko anthu atabalalika, chonsecho lipoti lomwe amadikira linali ndi ine. Mpaka pano sindinanene kanthu. Ndipepese bwanji?"

Achimwene, yambani mwaimbira foni amene amatsogolera msonkhanowo, lero lomwe lisanade. Musayambe ndi kulemba pagulu la WhatsApp la kuntchito, chifukwa bwana akamva nkhani yanu limodzi ndi wina aliyense amaona ngati mwawalambalala. Ngati mukadali mu Mzuzu muno, ndi bwinonso kungopita ku ofesi kwawo mukaonane maso ndi maso.

Koma mudziwe chomwe mukupepesa. Za galimoto palibe amene akuimbeni mlandu, tonse tinakhalapo m'mbali mwa msewu umenewo tikuzizidwa, kondakitala akuti "tinyamuka pompano". Chomwe chawawa anzanu ndi chakuti anakhala m'chipinda akuyang'ana pakhomo osadziwa kuti muli kuti, kenako tsiku lonse lapita inu muli chete. Ku Chikangawa kuli malo ena omwe netiweki imasowadi, aliyense akudziwa, koma mutatuluka m'nkhalangomo foni inagwira. Pamenepo ndi pomwe munalakwa, ndipo mukapatchula nokha munthu amasowa pokugwirani.

Zinandichitikirapo ndikuchokera ku Nkhata Bay. Injini inatentha titangodutsa pa Mpamba, pokwera mtunda, mpaka adalaivala anayamba kupempha madzi m'nyumba za anthu. Mawa lake ndinalemba uthenga wautali wofotokoza za utsi, za makaniko amene anabwera pa njinga yamoto opanda sipanala yoyenera, ndi zithunzi zitatu pamwamba. Mayi wina wa mu ofesi anangoyankha kuti, "Nanga lipoti lija?" Ndinachita manyazi. Uthenga wonsewo unali wodzimvera chisoni ndekha, mulibe liwu limodzi la zomwe iwo anataya.

Ndiye mukamaliza ndi bwana, pagulu lembani mwachidule chonchi:

"Anzanga nonse, pepani kwambiri kuti sindinapezeke pa msonkhano wadzulo. Minibasi yomwe ndinakwera inawonongeka ku Chikangawa cha m'ma 8 koloko ndipo ndinafika mu Mzuzu 1 koloko. Ndinalakwa posakudziwitsani foni itangogwira, komanso posatumiziratu lipoti. Ndikudziwa kuti munalephera kumanga mfundo pa bajeti ya mwezi wamawa chifukwa cha ine. Lipotilo ndi ili ndatumizali. Ndapempha alembi andipatse zomwe munagwirizana, ndipo ndilipo Lachinayi m'mawa ngati pangafunike kuti tikumane mwachidule."

Za bajetiyo ndangoyerekeza, inu muikepo chenicheni chomwe chinaima. Ngati simukuchidziwa, funsani kaye alembi musanalembe. Taonani kuti galimoto yatenga chiganizo chimodzi chokha, koma chili ndi malo ndi nthawi. Izi zimathandiza, chifukwa "mavuto a mayendedwe" amanena ndi munthu amene anagonereza. Nthawizo zikhale zoona ndithu. Mzuzu ndi waung'ono, mwina mlamu wa mnzanu wa mu ofesi anali mu minibasi yomweyo. Chithunzi ngati munajambula chisungeni, muonetse pokhapokha akakufunsani.

Mawu akuti "koma" muwapewe. "Pepani, koma si ine ndinawononga galimoto" si kupepesa, ndi kudziteteza. Musafunsenso za kubwezeredwa ndalama ya thiransipoti mu uthenga womwewo, dikirani papite masiku.

Pali mmodzi yemwe anthu amamuiwala: amene anakuimirirani. Kawirikawiri pamakhala wina yemwe anafunsidwa mafunso anu n'kumayankha zongopeka, thukuta lili kamukamu. Ameneyo mumuimbire payekha.

Bwana akafunsa kuti ulendo wina mudzatani, musalumbire kuti sizidzachitikanso, minibasi si yanu. Nenani zomwe zili m'manja mwanu: lipoti lizitumizidwa usiku wake, nambala za anthu awiri a mu ofesi zikhale pafupi, ndipo msonkhano ukakhala wa m'mawa muzidzagona mu Mzuzu, ngakhale pa mphasa kwa m'bale ku Chibavi. Kunyamuka ku Mzimba tsiku lomwelo, podziwa kuti minibasi imadikira idzadze kaye pa depoti, ndiko kunali kutchova juga kwenikweni.

Akayankha mozizira kuti "chabwino", musawonjezere uthenga wina wopepesa. Lachinayilo mukafike 8:30.